Kanema wa masekondi 20 wotsatsa mabulangete: zoyamba, zapakati ndi zomaliza

"Moni achimwene. Ndili ndi kashopu ku Chibavi kuno ku Mzuzu, ndimagulitsa mabulangete, nsalu zapabedi, makatani ndi ziwiya. Mwana wanga anandijambulira kanema woonetsa shopu yonse, tinaikamo nyimbo n'kuponya pa Facebook ndi pa WhatsApp Status. Anthu aonera ndithu, ena alemba kuti 'zabwino', koma wobwera kudzagula palibe. Kanema wotere amayamba bwanji, ndipo ndizinenamo chiyani kuti anthu abwere?" Mayi wa ku Chibavi.

Zikomo mayi polemba. Foni ija muyambe mwaiika pambali, mutenge pepala ndi cholembera. Ntchito yaikulu ili pa chiganizo chimodzi chokha: mukugulitsa chiyani, pa mtengo wanji, ndipo mtengowo utha liti. Chiganizo chimenechi chikapanda kumveka papepala, ngakhale mujambule ndi foni yodula chotani, woonera adzangoyamikira n'kupitirira.

Ndikudziwa kuti mtima umawawa kusiya makatani ndi mapoto pomwe nazonso munaziwoda ndi ndalama. Komabe kanema mmodzi anyamule katundu mmodzi. Mvetserani oitanira minibasi pa depoti: amatchula kumene galimoto ikupita, mtengo wake, kenako "kwerani, yatsala pang'ono kudzaza". Satchula malo onse amene minibasi za pa depotipo zimafika. Makatani adzakhala ndi kanema wawo sabata ina.

Tisankhe bulangete, poti Mzuzu ndi kozizira, ndipo mu Juni ndi Julaye palibe wofunika kumufotokozera ntchito yake. Tiyerekeze kuti limodzi mumawoda pa K26,000 n'kugulitsa pa K35,000. Manambalawa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu. Mukhoza kunena kuti awiri ndi K64,000 mpaka Loweruka. Tsono werengerani musanalengeze. Awiriwo munawatenga pa K52,000, ndiye phindu ndi K12,000 m'malo mwa K18,000. Mukalonjezanso kuti mukasiyira munthu pakhomo, ndipo wakabaza n'kukudyani K2,000, mwatsala ndi K10,000. Ngati mukuona kuti imeneyo ikukwanira, pitirirani. Ngati ayi, siyani zotsitsa mtengo, mungopereka kabaza waulere kwa okhala ku Chibavi, ku Chiputula ndi m'tauni, enawo alipire okha. Kutsitsa mtengo si njira yokhayo. Chofunika n'chakuti munthu aone chifukwa chogulira sabata ino osati mwezi wamawa.

Ndipo mtengowo utchulidwe poyera. Ambiri ogulitsa pa intaneti amaubisa, amati wofuna afunse kumbali. Ine sindigwirizana nazo. Munthu wa kwathu kuno amachita manyazi kufunsa mtengo kenako n'kulephera kugula, ndiye amasankha kungokhala chete. Mukauika poonekera, okulemberani amakhala ochepa, koma ndi amene awerengera kale za m'thumba mwawo.

Malondawo akamveka, m'pamene mukuganiza za poyambira.

Masekondi atatu oyamba ndi amene amagamula ngati chala cha munthu chiime kapena chipitirire. Apa pali chinthu chimene chimanyenga eni mashopu ambiri. Pa WhatsApp Status munthu amaoneka kuti waona akangotsegula, ngakhale adumphe nthawi yomweyo. Facebook nayo ili ndi muyeso wowerenga anthu amene angofika masekondi atatu. Choncho nambala ya "oonera" ikhoza kukhala yaikulu pomwe ofika pa mtengo ndi ochepa zedi. N'chifukwa chake chinthu chokopa chiyenera kukhala koyambirira kwenikweni, osati kusungira kumapeto.

Chovuta kwa ife ndi moni. Tinaleredwa kuti munthu suyamba nkhani usanapereke moni, ndipo mushopu mwanu musasiye zimenezo. Koma "moni nonse, dzina langa ndine wakuti, ndili ndi shopu yakuti" amadya masekondi asanu kapena kuposa, woonera asanaone kalikonse. Chimodzimodzi chikwangwani cha shopu, kapena chithunzi cha chitseko chikutsegulidwa. Moni mudzapereka munthu akakulemberani.

Muyambe ndi katunduyo ali pafupi ndi kamera, akuyenda. Dzanja lanu litsine m'mphepete mwa bulangete kuti kuchindikala kwake kuoneke, kenako mulisiye libwerere. Mawu oyamba akhale a vuto limene woonerayo ali nalo: "Mukugona ndi jekete chifukwa cha kuzizira?" Kapena muyambe ndi mtengo womwewo: "Mabulangete awiri, K64,000." Kapenanso muitane munthu amene mukumufuna: "Makolo amene ana akupita ku sukulu yogonera komweko, taonani." Iliyonse mwa zitatuzi imagwira, bola igwirizane ndi zimene zikubwera pambuyo. Kuyamba ndi kuvina kapena nthabwala yosakhudzana ndi bulangete kumaimitsa anthu, inde, koma ndi anthu ofuna kuseka, ndipo mtengo ukangotulukira amathawa.

Za chiyankhulo, inu mukuwadziwa makasitomala anu kuposa ine. Ngati pakauntala mumacheza nawo mu Chitumbuka, mawu oyambawo anenedwe mu Chitumbuka, ena onse akhoza kukhala m'Chichewa. Munthu amatchera khutu akamva mawu a kwawo.

Tsopano tiyale kanema yense. Kuyambira pa 0 mpaka sekondi 3 ndi dzanja lija ndi funso la jekete. Kuyambira 3 mpaka 8 ndi umboni: muyale bulangete pabedi kapena pa matiresi kuti munthu aone pamene lafika, inu mukuti "Lolemera, lokwana bedi la anthu awiri, mitundu ilipo inayi." Osanena kuti "katundu wapamwamba", mawu amenewo aliyense amanena ndipo palibe amawamvanso. Nenani zimene diso lingatsimikize. Kuyambira 8 mpaka 14 ndi malonda aja: "Limodzi K35,000, awiri K64,000, mpaka Loweruka lino. Ku Chibavi ndi m'tauni tikubweretserani, mulipira katundu akafika." Masekondi 6 otsalawo ndi ouza munthu chochita. Mawu onse pamodzi asapitirire 40. Mawu a Chichewa ndi aatali, ndiye muwawerenge mokweza mukuyang'ana wotchi ya pafoni. Akapitirira, dulani mawu, musathamangitse lilime.

Kachiganizo ka "mulipira katundu akafika" musakapeputse. Anthu ambiri amaopa kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba kwa munthu wongomuona pafoni. Mukawachotsera mantha amenewo, mwachotsa chimodzi mwa zinthu zimene zimawagwira dzanja. Nkhope yanu kuonekera pang'ono, muli mushopu mwanu momwe, kumathandizanso pa nkhani yomweyi.

Zonse zofunika zilembedwenso pa kanemapo. Ambiri amaonera mawu atazimitsa, ali mu minibasi, ku ofesi kapena pa mzere ku banki. Mwana wanu akhoza kulemba ndi CapCut, pulogalamu ya pafoni yokonzera makanema, kapena ndi zolembera za mu WhatsApp momwe. Zilembo zikhale zazikulu, mawu anayi kapena asanu pa nthawi imodzi, ndipo zikhale chapakati, chifukwa pa TikTok ndi pa Reels, makanema afupiafupi a Facebook, mabatani amaphimba m'munsi ndi mbali ya kumanja. Foni ijambule choimirira, osati chogona. Pukutani kagalasi ka kamera, mujambulire pakhomo pa shopu kuwala kukuchokera kumbuyo kwa wojambula. Tsiku la mitambo, limene kuno silisowa, ndi labwino kuposa dzuwa la masana, poti mtundu wa nsalu umaoneka mmene ulili. Nyimbo za oimba muzisiye. Zili ndi eni ake, Facebook imatha kuzimitsa mawu a kanema chifukwa cha zimenezo, komanso zimaphimba mawu anu.

Pomaliza, muuzeni munthu chinthu chimodzi choti achite. Pano m'pamene makanema ambiri amafera, amatha ndi "zikomo poonera", kapena amapempha zinthu zisanu nthawi imodzi: imbani, gawirani anzanu, titsatireni, bwerani. Inu munene kuti: "Lembani mawu oti BULANGETE pa WhatsApp, pa nambala iyi." Nambalayo ikhale pa kanema masekondi onse 6 aja, isagwedezeke, ndipo m'munsi mwake mukhale chizindikiro cha malo chimene wakabaza angachidziwe, monga "moyang'anana ndi chigayo". Pa Status munthu akhoza kungoyankha pomwepo, ndiye pamenepo muziti "yankhani pano". Pa Facebook ikani linki m'mawu a pamwamba pa kanema, yolembedwa motere, nambala yanu mutachotsa 0 woyambirira:

```
https://wa.me/265XXXXXXXXX?text=BULANGETE
```

Munthu akaidina, WhatsApp imatseguka pa nambala yanu mawuwo atalembedwa kale, iye n'kungotumiza. Mukasintha mawu akumapetowo pa malo aliwonse amene mwaponya kanema, mudzadziwa kumene ogula akuchokera.

Kanemayo akayenda masiku awiri kapena atatu, zotsatira zake zimakuuzani pamene padwala. Tsamba la bizinesi la Facebook ndi TikTok amaonetsa nthawi imene anthu akukhala pa kanema. Ngati ambiri akuthawa masekondi atatu asanakwane, vuto ndi poyambira. Jambulaninso masekondi atatu okhawo, zina zonse muzisiye mmene zilili, kuti mudziwe chimene chasintha zinthu. Ngati akuonera mpaka kumapeto koma osalemba, ndiye kuti mtengo sunawakope, kapena nambala sinaoneke bwino. Perekani foni kwa mnzanu amene sanauonepo, aonere kamodzi mawu atazimitsa, kenako mumufunse kuti awiri ndi zingati, nanga achite chiyani kuti agule. Akakayika, mwapeza pokonza. Ngati akulemba "zingati?" pomwe mtengo munaika, zilembo zachepa kapena zikuzimirira msanga.

Koma ngati akulemba BULANGETE kenako osagula, kanema wagwira ntchito yake, vuto lasamukira pa kayankhidwe. Munthu amene walemba m'mawa n'kuyankhidwa madzulo amakhala atadutsa kale pa msika wa Taifa n'kugula kwina. Konzeranitu yankho: moni uja tsopano, zithunzi za mitundu inayi, mtengo, ndi funso loti "Muli dera liti, tikubweretsereni lero?" Musaponye kanema nthawi imene simungathe kugwira foni.

Loweruka likakwana, mtengo ubwerere pa K35,000 ndithu, ndipo kanemayo mumuchotse kapena mulembepo kuti zatha. Mukapitiriza "mpaka Loweruka" milungu inayi, anthu a ku Chibavi amaona, ndipo ulendo wina sadzafulumira. Chimodzimodzi mtundu wina ukatha, lembani pamwamba pa kanema kuti ofiira atha, munthu asalipire kabaza kuchokera ku Luwinga kudzapeza palibe. Sabata yotsatira mutenge pepala lina, mulembe chiganizo cha makatani: kukula kwake, mtengo wa awiri, ndi tsiku lothera.