Fayilo yasokonekera, pa fomu ya imfa ndiyambe ndi chiyani?

"Bambo wa zaka 58 wamwalira m'wodi yathu. Tsamba loyamba la fayilo likuti sepusisi, kwinako phazi loola, bipi, shuga, ndipo namwino anamaliza ndi 'mtima unaima'. Pa fomu ya chomwe chamupha ndizisanje bwanji?"

Achimwene, fayilo imalembedwa motsata tsiku limene matenda anapezeka, pomwe fomu ikufuna tsiku limene anayamba. Choncho fomuyo iyambe yadikira. Tengani pepala lapadera, lembani matenda aliwonse ndi nthawi imene akhala m'thupi mpaka tsiku la imfa. Nthawizi muzifufuze m'buku la kuchipatala, m'kalata yomutumizira kwanu ndi m'mbiri imene achibale anapereka pomugoneka. Kuyerekeza kumaloledwa: "pafupifupi zaka 12" ndi bwino kusiyana ndi kusiya mpata.

Tinene kuti mwapeza izi: shuga zaka 12, bipi zaka 5, chilonda cha phazi masabata 3, kuola sabata imodzi, sepusisi masiku 2.

Gawo loyamba la fomu ya bungwe la zaumoyo padziko lonse lili ndi mizere inayi, a mpaka d. Pa a pamakhala chimene chamumaliza munthu, ndiye sepusisiyo. Kenako dzifunseni: yabwera chifukwa cha chiyani? Kuola kwa phazi, pa b. Nanga kuolako? Chilonda, pa c. Chilonda chinayamba ndi shuga, pa d. Mzere wotsiriza umene mwalembapo ndiwo gwero la imfa, ndipo kawirikawiri ndi umene amawerenga popanga ziwerengero za dziko. Mukaima pa sepusisi, shuga wa bamboyu sadzaoneka paliponse.

Mukatha, yang'anani nthawi zija kuchokera pamwamba: masiku 2, sabata, masabata 3, zaka 12. Zizikula kapena kufanana potsika. Mukaona zaka pamwamba masiku pansi, mwatembenuza mizere.

Bipi ndiyo imasokoneza ambiri. Zaka zake 5 zikukwana bwinobwino pakati pa chilonda ndi shuga, koma nthawi yokha si umboni. Shuga ndiye anabweretsa chilondacho, bipi ili pambali. Ngati mukuona kuti inathandizira imfayi, ilembeni m'gawo lachiwiri. Ngati sinachitepo kanthu, isiyeni. Gawo limenelo si nkhokwe ya matenda onse a m'fayilo.

"Mtima unaima" musalembe n'komwe. Aliyense womwalira mtima wake umaima, ndiye mawuwo sanena chomwe chamupha. Chimodzimodzi "kupuma kunaleka".

Mzere uliwonse matenda amodzi, olembedwa mawu onse popanda zidule za m'wodi, komanso mutchule mtundu wa shugayo ngati fayilo ikuunena. Chinthu chimodzi choti mufunse achibale: chilondacho chinayamba chokha, kapena anadzitema ndi khasu? Ngati ndi khasu, mzere wapansi ukhala ngoziyo, ndipo shuga asamukira ku gawo lachiwiri monga chimene chinalepheretsa bala kupola.