Za tchati cha Gantt mu Excel chomwe masiku ake amasuntha okha

"Ndikumanga kashopu ku Chalala. Ndinapanga ndondomeko ya ntchito mu Excel n'kupaka mitundu pamanja, koma ntchito imodzi ikachedwa ndimafufuta zonse n'kuyambanso. Palibe njira yoti zizisintha zokha?"

Njira ilipo achimwene, yopangira tchati cha Gantt, choonetsa ntchito iliyonse ngati mzere wa mtundu pa masiku ake, koma muyambe ndi madeti, mitundu ibwere pambuyo. Pa pepala lonse mulembe pamanja deti limodzi lokha, la tsiku loyamba ntchito. Ena onse atuluke m'mafomula, kuchokera ku masiku amene ntchito imatenga ndi ntchito imene ikudikirira.

Mitu muiike mu mzere 4: A nambala ya ntchito, B dzina lake, C masiku ogwira, D ndi E manambala a ntchito zimene ikudikirira, F masiku ongodikira, G tsiku loyamba, H tsiku lomaliza. Ntchito ziyambire mu mzere 5. Tiyerekeze kuti ndi 2025 ndipo muli ndi zisanu. Yoyamba ndi kukumba maziko, masiku 3. Yachiwiri ndi konkire ya maziko ndi silabu, masiku 4, ikudikirira 1. Yachitatu ndi kumanga makoma, masiku 8, ikudikirira 2, ndipo mu F mwalemba 7 kuti silabu ilimbe. Yachinayi ndi zitsulo za denga kwa owotcherera a ku Kalingalinga, masiku 12, ikudikirira 1. Yachisanu ndi kukhoma malata, masiku 4, ikudikirira ziwiri, 3 ndi 4.

Amisiri athu amagwira ndi Loweruka lomwe, choncho WORKDAY wamba sakuthandizani chifukwa amadumpha Loweruka ndi Lamlungu. Mugwiritse ntchito WORKDAY.INTL, imene inabwera ndi Excel 2010, ndi nambala 11 yotanthauza kuti lopuma ndi Lamlungu lokha. Penapake pambali lembani masiku a tchuthi a ku Zambia oti fomula iwadumphe: 18 Okutobala 2025, tsiku la mapemphero, ndi 24 Okutobala 2025, tsiku la ufulu. Sankhani maselo awiriwo n'kuwapatsa dzina lakuti Tchuthi mu Name Box, kabokosi ka kumanzere kwa polembera fomula. Mu G5 lembani 6 Okutobala 2025, lomwe ndi Lolemba. Mu H5 ikani fomula iyi n'kuikokera m'munsi:

```
=WORKDAY.INTL(G5,C5-1,11,Tchuthi)
```

Tikuchotsa 1 chifukwa tsiku loyambalo nalonso amisiri agwira. Mukaiwala, ntchito iliyonse italika ndi tsiku limodzi, ndipo pa ntchito makumi awiri zotsatizana mupezeka mwadziwonjezera milungu itatu yopanda pake. Tsopano mu G6, n'kukokeranso m'munsi:

```
=WORKDAY.INTL(MAX(SUMIF($A$4:$A5,D6,$H$4:$H5),SUMIF($A$4:$A5,E6,$H$4:$H5))+F6,1,11,Tchuthi)
```

Ikuoneka yoopsa koma nkhani yake njachidule. SUMIF iliyonse ikupita kukatenga tsiku lomaliza la ntchito imene mwatchula mu D kapena mu E. MAX ikusankha yomwe yatha mochedwa pa ziwirizo, pakuwonjezedwa masiku odikira, kenako ikufunafuna tsiku logwira ntchito lotsatira. Masiku a mu F akuwerengedwa onse, a Lamlungu omwe, pakuti konkire siipita kutchuthi. Onaninso kuti fomula ikungoyang'ana mizere ya pamwamba pake. Ndachita dala: mukaiuza kuti iyang'ane kolamu H yonse, idzadziyang'ana yokha ndipo Excel idzadandaula za circular reference. Chofunika kwa inu n'chakuti ntchito yodikiriridwa izikhala pamwamba pa yodikira.

Ngati zonse zili bwino, maziko atha pa 8, silabu pa 13. Makoma ayamba Lachiwiri pa 21, adumpha 24 ndi Lamlungu, n'kutha pa 30. Zitsulo ziyamba pa 9, zidumpha 18, n'kutha pa 23. Malata ayamba pa 31 Okutobala n'kutha pa 4 Novembala. Mukapeza madeti osiyana ndi awa, musapite ku mitundu musanakonze.

Tchaticho n'chophweka. Mu J4 lembani `=G5`, mu K4 `=J4+1`, kokerani mpaka AW4, amene ndi masiku 40, n'kuchepetsa makolamuwo kuti akhale timabokosi. Dinani pa J5, kokerani mpaka AW9, pitani ku Home, Conditional Formatting, New Rule, musankhe "Use a formula to determine which cells to format". Lamulo loyamba ndi la mtundu wa ntchito, lachiwiri ndi lotuwitsa masiku opuma:

```
=AND(J$4>=$G5,J$4<=$H5)
=NETWORKDAYS.INTL(J$4,J$4,11,Tchuthi)=0
```

Mu Manage Rules, lotuwitsalo likhale pamwamba, kuti mzere wa makoma uoneke woduka pa 24 ndi pa 26.

Apa ndi pamene ambiri amagwa, pa zizindikiro za dola. Mumalemba lamulo ngati kuti ndi la selo imodzi, J5, ndiye Excel imalisuntha yokha popita ku maselo ena. `J$4` ikutanthauza kuti kolamu izisintha koma mzere wa madeti usasunthe. `$G5` ikutanthauza kuti mzere uzisintha koma kolamu ikhale G. Vuto ndi lakuti mukasankha selo ndi mbewa muli m'bokosi la lamulo, Excel imaika madola awiri, `$J$4`, ndipo mzere wonse umapakika kapena osapakika n'komwe. Mizere yonse ikafanana ndi wa maziko, ndiye mwalemba `$G$5`. Mitundu ikatsetsereka ndi mzere umodzi kapena tsiku limodzi, munayambira kusankha pa selo ina osati J5. Onani pa Applies to mu Manage Rules. Pakakhala poyera popanda mtundu uliwonse, tsegulani lamulolo muone ngati Excel sinaliike m'mitengero, zomwe zimachitika mukaiwala chizindikiro cha = poyamba.

Deti la mu G5 nalo mulisamale. Makompyuta ambiri amabwera ndi kalembedwe ka ku Amerika koyamba ndi mwezi, ndiye mukalemba 6/10/2025 imamva 10 Juni. Sinthani maonekedwe a G ndi H kukhala `ddd d mmm` kuti muziona dzina la tsiku ndi la mwezi ndi maso. Mukaona deti la Januwale 1900, mwatchula nambala ya ntchito imene kulibe kapena ili m'munsi. Choipa n'chakuti pa mzere wa malata, pomwe pali manambala awiri, limodzi likalakwika fomula imangotenga linalo mwakachetechete. Mizere yotere muziiwerenga kawiri.

Mukamaliza, seweretsani kolamu C, chifukwa phindu lenileni lili pamenepo. Owotcherera akati atenga masiku 17 m'malo mwa 12, zitsulo zitha pa 30 ndipo malata sasuntha. Ali ndi mpata wa masiku asanu, palibe chifukwa chowaimbira foni m'mawa uliwonse. Akatenga masiku 19, malata apita pa 3 mpaka 6 Novembala. Koma omanga makoma alibe mpata ngakhale wa tsiku limodzi: masiku awo akachoka pa 8 kufika pa 10, denga nalo lithera pa 6. Ndi mvula ya Novembala ili pakhomo, amenewo ndiwo oti muziwayendera, pamodzi ndi wobweretsa mabuloko.

Pepalali limangodziwa kudalirana kwa mtundu umodzi, koti ina ithe kaye ndiye ina iyambe. Silidziwanso kuti amene akupaka pulasitala ndi yemweyo amene akumanga chimbudzi. Ngati ntchito ziwiri zili m'manja mwa mmisiri mmodzi, lembani nambala ya yoyambayo mu E ya yachiwiri, apo ayi tchati chidzakuonetsani munthu mmodzi akugwira malo awiri tsiku limodzi.