Outlook wa pa kompyuta ya tonse: ndituluka bwanji poti palibe Sign out?

Funso: Ndine mphunzitsi pa sekondale ina ku Dedza. Tili ndi kompyuta imodzi yokha mu sitafu rumu, ndipo tonse timalowa ndi pasiwedi imodzi. Mwezi watha ndinaika Gmail yanga mu pulogalamu ya Outlook kuti nditumize mafomu. Ndikamaliza ndimatseka pa X, koma dzulo mnzanga wandiuza kuti atatsegula Outlook anapeza makalata anga onse ali poyera. Ndafunafuna potulukira, sindikupaona. Nditani?

Yankho: Aphunzitsi, batani mukufunalo kulibe, ndiye musazivute kulifunafuna. Outlook woikidwa m'kompyuta anapangidwa ndi ganizo loti munthu aliyense ali ndi akaunti yakeyake ya Windows, ndipo chitetezo chonse chili pa pasiwedi yolowera mu Windows ija. Poti inu nonse mumalowa ndi imodzi, Outlook amaona ngati aliyense wokhala pampandopo ndi inu. Chinanso, iye sangokuonetsani makalata ali pa intaneti ayi. Amachita ngati mesenjala wopita ku positi ofesi: amakatenga makalatawo, n'kudzawaika m'kabati ya pasukulu. Kabati imeneyo ndi fayilo imene ili m'kompyutamo, ndipo makalata amene ali m'menemo amawerengeka ngakhale bando itatha kapena netiweki itasowa. Kutuluka kwenikweni ndiye kuchotsa akaunti, kufufuta fayiloyo, ndi kulanda chilolezo chimene munapatsa Outlook.

Pali msampha umodzi umene umakola anthu ambiri. Mukapita pa File kenako Office Account, mupezadi mawu oti Sign out. Amenewo ndi otulutsira akaunti ya Microsoft imene ili ndi laisensi ya Word ndi Excel. Gmail yanu saikhudza m'pang'ono pomwe. Mukadina pamenepo makalata akhalabe, ndipo mwina mawa ahedi adzapeza Word akukana kulemba. Pasiyeni.

Musanachotse kanthu, yambani mwaona mmene akauntiyo inalowera. Tsegulani Outlook, pitani pa File, dinani Account Settings, ndipo pa kamndandanda kotsika dinaninso Account Settings. Pabwera kawindo koonetsa maimelo onse amene ali m'menemo, ndipo kumanja kwa dzina lililonse, pansi pa Type, palembedwa IMAP/SMTP kapena POP/SMTP. Ngati ndi IMAP, mtima pansi: makalata enieni ali kwa Google, za m'kompyutazo ndi makope chabe. Ngati ndi POP, chenjerani, chifukwa njira imeneyi imakoka makalata kuwabweretsa m'kompyuta, ndipo malingana ndi mmene zinakonzedwera, ena akhoza kukhala kuti atsala m'kompyuta mokhamo. Tengani foni yanu, tsegulani Gmail, muone ngati makalata ofunika a mwezi wathawu alimo, olandira ndi otumiza omwe. Ngati ena akusowa, adzitumizireni kapena koperani fayilo yake pa fulashi musanapite patsogolo. Muonenso ngati pali foda yolembedwa (This computer only). Zimene zili m'menemo, kawirikawiri mayina a anthu ndi kalendala, sizili kwina kulikonse, ndipo zipita limodzi ndi akauntiyo.

Mukakhutira, sankhani imelo yanu pa kawindo komweko, dinani Remove, muvomere. Ngati muli imelo ya sukulu kapena ya mphunzitsi wina, dinani yanu yokha. Nthawi zina Outlook amakana, n'kunena kuti muyambe mwapanga malo atsopano osungira zinthu. Amatero ngati akaunti yanu ndi yokhayo kapena ndi imene inayamba kuikidwa. Ikakhala yanu yokha, njira yachidule ndi kutseka Outlook, kutsegula Control Panel, kupeza Mail (Microsoft Outlook), kudina Show Profiles, n'kuchotsa pulofayilo yonse ndi Remove. Koma ngati pulofayilo yomweyo ilinso ndi imelo ya sukulu, musaichotse. Pitani pa Data Files pa kawindo kaja ka Account Settings, sankhani fayilo ya imelo ya sukulu, dinani Set as Default, tsekani Outlook, mutsegulenso, kenako yesaninso Remove.

Ngati Outlook wanu alibe File pamwamba kumanzere, ndiye kuti ndi watsopano uja amene analowa m'malo mwa pulogalamu ya Mail, imene Microsoft anasiya kuisamalira kumapeto kwa 2024. Ameneyo savuta. Dinani kachizindikiro ka Settings pamwamba kumanja, pitani pa Accounts, dinani Manage pafupi ndi imelo yanu, kenako Remove.

Tsopano fayilo ija. Apa ndi pamene ndimaona ambiri akulekera panjira, poganiza kuti dzina likachoka pa sikirini ndiye kuti zonse zapita. Tsekani Outlook, kanikizani kiyi ya Windows limodzi ndi R, ndipo m'kabokosi kabwereko lembani izi:

```
%localappdata%\Microsoft\Outlook
```

Mufoda imene itsegukeyo yang'anani fayilo yokhala ndi imelo yanu m'dzina lake, yothera ndi .ost. Kawirikawiri imachoka yokha pochotsa akaunti, koma nthawi zina imatsala, makamaka mukachotsa pulofayilo. Ngati akaunti inali ya POP, fayilo yake imathera ndi .pst, imakhala mu Documents, mufoda ya Outlook Files, ndipo iyo sichoka yokha. Ya .pst ndiyo yoopsa kwambiri, chifukwa aliyense akhoza kuikopera pa fulashi n'kukaitsegula mu Outlook wa kunyumba kwake popanda kufunsidwa pasiwedi ya imelo yanu. Isankheni, mukanikize Shift limodzi ndi Delete kuti isakagone mu Recycle Bin. Yang'anitsitsani dzina musanakanikize, kuopa kufufuta makalata a sukulu a zaka zisanu. Mukachoka apo, dutsirani mu Downloads, Documents ndi pa Desktop. Mafomu aja, chithunzi cha chitupa chanu, pepala la malipiro kapena la ku banki, zonse zimene munatsegula kuchokera mu imelo n'kusunga, zili pamenepo ndipo sizidziwa kuti mwatuluka.

Tsiku limene munaika Gmail mu Outlook, panatseguka tsamba la Google lokufunsani pasiwedi ndi kukupemphani kudina Allow. Nthawi zambiri tsambalo limatsegukira mu Edge kapena Chrome, kutanthauza kuti mwina munalowanso mu bulawuza osazindikira. Tsegulani bulawuza iliyonse imene ili pa kompyutapo, lembani mail.google.com, muone chimene chibwere. Makalata anu akatseguka okha, dinani chithunzi chanu pamwamba kumanja, musankhe Sign out. Ikatero imakusiyirani dzina lanu pa tsamba losankhira akaunti. Dinani Remove an account kuti lichoke. Kenako muone ngati bulawuzayo inasunga pasiwedi. Mu Chrome lembani izi pamene mumalemba adiresi:

```
chrome://password-manager/passwords
```

Mukapeza google.com ndi dzina lanu, fufutani. Musadalire kuti Chrome amafunsa pasiwedi ya Windows asanaonetse zobisikazo, pajatu pasiwedi imeneyo sitafu yonse ikuidziwa.

Ntchito yotsala muichitire pa foni yanu, osati pa kompyuta ija. Tsegulani myaccount.google.com, pitani pa Security. Pansi pa Your devices dinani Manage all devices, mupeze kompyuta ya Windows imene ili pamenepo, musankhe Sign out. Pa tsamba lomwelo la Security pali gawo la mapulogalamu a makampani ena amene munawalola kulowa mu akaunti yanu. Mupezamo Microsoft apps & services; chotsani kulumikizanako. Dziwani kuti ngati mulinso ndi Outlook pa foni kapena pa laputopu yanu, nayenso adzakufunsani kuti mulowenso. Pomaliza sinthani pasiwedi. Kwa inu ndikuti musinthe ndithu, chifukwa akauntiyo yakhala pambalambanda mwezi wathunthu, ndipo ngati bulawuza inaisunga, simungadziwe amene anaiona. Kusintha pasiwedi kumadula Outlook wa kusukulu kuti asalandirenso kalata yatsopano, koma sikufufuta zakale zimene anakoka kale. N'chifukwa chake ulendo wa pa kompyuta ija sungalumphidwe, ngakhale mutakhala kuti mwasamutsidwa kupita ku Ntcheu.

Kuti mudziwe ngati wina anachitapo zina kuposa kungowerenga, tsegulani Gmail pa kompyuta imene mumaikhulupirira. Pansi penipeni kumanja pali mawu aang'ono oti Last account activity, ndi Details pambali pake. Pamenepo muona nthawi ndi njira imene akauntiyo yatsegulidwira posachedwapa, kaya ndi bulawuza, foni, IMAP kapena POP. Mndandandawo ndi waufupi, sufika kutali m'mbuyo, ndiye musaudalire wokha. Yang'anani mu Sent ndi mu Trash ngati muli kalata imene simunalembe. Kenako mu Settings, See all settings, muone pa Forwarding and POP/IMAP ndi pa Filters and Blocked Addresses. Munthu wochenjera amene wapeza imelo yotsegula sakhalitsa pampando: amangoikamo adiresi yake kuti kalata iliyonse yobwera izipitanso kwa iye, ndipo zimenezo zimapitirira ngakhale mutasintha pasiwedi. Mukapeza adiresi yachilendo, ichotseni. Mwina mnzanu uja anangoona mwangozi n'kukuuzani mwaulemu, koma si iye yekha amene wakhala pampandopo mwezi wonsewu.

Kuyambira lero, imelo yanuyanu isalowenso mu Outlook kapena Thunderbird wa pa kompyuta ya gulu. Mukafuna kutumiza kanthu, tsegulani Chrome kapena Edge, kanikizani Ctrl, Shift ndi N pamodzi. Pabwera windo lakuda, la Incognito kapena InPrivate, ndipo mulowe mu Gmail kudzera m'menemo. Mu Firefox ndi Ctrl, Shift ndi P. Windo limeneli silisunga pasiwedi yatsopano kapena chizindikiro choti mwalowa, ndipo ubwino wake waukulu kwathu kuno ndi wakuti magetsi akazima muli pakati pa kalata, kompyuta ikadzayakanso imelo yanu sidzatseguka yokha. Mu windo wamba, magetsi akabwera madzulo inu muli kunyumba, woyatsa kompyuta adzakupezani mudakali momwemo. Komabe mukamaliza dinani Sign out ndipo mutseke mawindo onse akudawo, chifukwa limodzi likatsala lotsegula ndiye kuti simunatuluke. Mafayilo amene mwatsitsa nawo amatsala mu Downloads monga mwa nthawi zonse. Google ikakutumizirani nambala yotsimikizira pa foni, onetsetsani kuti pa Don't ask again on this device palibe chochonga.

Windo lakudalo lili ndi malire ake. Ngati m'kompyutamo muli pulogalamu yoipa yojambula zimene mukulemba pa kiyibodi, pasiwedi yanu ipita ndithu, ndipo makompyuta olowetsedwa fulashi ya aliyense sachedwa kugwira zoterezi. Chokutetezani apo ndi 2-Step Verification, imene mumayatsa pa tsamba lomwe lija la Security, kuti wakuba pasiwedi afunenso foni yanu.

Ngati aphunzitsi angapo amafunikadi Outlook pa ntchito yawo, kambiranani ndi ahedi kapena amene amayang'anira makompyuta kuti aliyense apangiridwe akaunti yake ya Windows, mu Settings, pa Accounts, pa Other users. Ikhale ya mtundu wa Standard, chifukwa wa Administrator amatha kutsegula mafoda a anzake. Zikatero Outlook wanu amaoneka kwa inu nokha. Belu likalira muli pakati pa ntchito, kanikizani kiyi ya Windows ndi L kuti sikirini ikhomeke, ndipo poweruka dinani Start, dzina lanu, kenako Sign out.