Ntchito yomwe ili m'manja mwa ena ikadali yako

"Theka la ntchito zanga ndi zodikira anthu akunja. Sapulaya sanatumize kotesheni, ofesi ina sinavomereze fomu. Ndikazisiya pa mndandanda zimangondisokoneza, ndikazichotsa ndimaziiwala mpaka bwana afunse. Inu mumatani?"

Imelo iyi ndaiwerenga katatu, ndipo kachitatuko ndinali nditakwiya kale, osati ndi inu ayi, ndi ine ndemwe wa zaka zapitazo.

Tinali ndi msonkhano waukulu Lachisanu pa 28, ine ndi amene ndinapatsidwa zosindikiza timabuku ta alendo. Kuti wosindikiza ayambe pamafunika chilolezo cha ofesi ina yomwe si yathu, yomwe imavomereza zogula. Ndinadzaza fomu, ndinamata makotesheni atatu, ndinakapereka Lolemba pa 3. Mayi wa pa kauntala anati masiku 10 ogwira ntchito. Ndinabwerera pa desiki, ndinatenga cholembera nkukhwatcha mzere wakuti "kupereka fomu ya timabuku", mtima mbee. Mwa ine ntchito inali yatha. Ndinaikumbukira Lachinayi pa 20, ndipo sindinakumbuke ndekha, wosindikiza ndi amene anaimba kufunsa ngati tikadali ndi cholinga. Nditathamangira ku ofesi kuja anafufuza fayilo yanga pafupifupi theka la ola, nkuipeza m'thireyi ya zobwezedwa, tsamba lachiwiri linalibe siginecha ya bwana wanga. Inali mmenemo kuyambira pa 4. Masiku 16 pepala likungogona, palibe anandiimbira, ndipo kunena zoona palibe amene anali ndi udindo woti andiimbire.

Kwa nthawi yaitali nkhaniyi ndinkaifotokoza ngati ya ofesi yaulesi. Pano ndinasintha. Cholakwa chachikulu chinali kukhwatcha kuja. Ine ndinalemba ntchito molakwika, ndinalemba zomwe manja anga achite, pomwe chomwe ndinkafuna chinali timabuku titafika. Kupereka fomu ndi kuponya chabe mpira kwa mnzako, masewera akadalipo.

Ndiye pali anthu amene amati ntchito yodikira isamaoneke, poti palibe chomwe ungachite. Ine izi ndimakana, ndipo ndikamakula ndikukana kwambiri. Komanso amene amaisiya pakati pa ntchito za lero akulakwitsanso, chifukwa maso akaona mzere womwewo mmawa uliwonse kwa sabata ziwiri amasiya kuuona, umasanduka ngati kalendala yakale ya pakhoma. Ntchito yodikira imafuna malo akeake, ndipo imafuna tsiku loti ibwerere m'manja mwako. Tsikulo umaika ndiwe. Lomwe akuuza iwo ndi lonjezo chabe, ndipo nthawi zambiri wolonjezayo si amene agwire ntchitoyo.

Pang'ono ndipatuke. Mawu akuti "mawa" ochokera kwa sapulaya ine sindiwalemba. Ndimafunsa kuti mawa nthawi yanji, ndipo atumiza ndani. Akayamba kuzungulira ndimadziwa kuti katunduyo alibe, akukamufunanso kwa wina, ndiye kuti ndikudikira anthu awiri, wachiwiriyo sindikumudziwa nkomwe. Ndinaphunziranso kusalemba kuti "ndikudikira ofesi". Ofesi siyankha foni. Amayankha ndi munthu, ndiye lembani dzina lake, nambala yake, ndi nambala ya fayilo kapena ya oda ngati anakupatsani. Ngati sanakupatseni pemphani, kapena jambulani tsamba lomwe adindapo chidindo cholandirira. Tsiku lomwe mayi uja ali pa tchuthi, nambala imeneyo ndi yomwe ikuyankhulireni.

Bwererani ku nkhani yanga ija muone masamu omwe ndinayenera kuchita pa 3 pomwepo. Timabuku ndinkatifuna Lachitatu pa 26 kuti pakhale mpata wotiona. Wosindikiza amafuna masiku 5 ogwira ntchito, ndiye oda imayenera kupita pofika Lachitatu pa 19. Ofesi inalonjeza masiku 10, kutanthauza Lolemba pa 17. Mpata wanga wonse unali masiku awiri basi. Munthu wa mpata wa masiku awiri sangadikire tsiku la lonjezo kuti afunse koyamba, chifukwa ngati pali vuto, masiku 10 aja amayambiranso. Ndikanafunsa Lachitatu pa 5 ndikanapeza za siginecha, kukonza tsiku lomwelo, masiku 10 atsopano akanathera pa 19, ndikanapulumuka pang'onong'ono. Funso loyamba si lakuti mwafika pati. Ndi lakuti mwalandira, zonse zilipo, ili pa tebulo la ndani. Kufunsa kumeneku sikukwiyitsa munthu chifukwa simukumufulumiza, mukumuthandiza. Chomwe chimakwiyitsa ndi kuimba tsiku ndi tsiku ndi funso lomwelo, mpaka akaona nambala yanu foni amaitembenuza.

Tinatani nanga? Tinasindikiza theka pa makina a mu ofesi usiku, zotuwa, zopindika, bwana sanandikalipire, anangondiyang'ana, ndipo bola akanakalipa.

Mmene ndimachitira pano

Sipuredishiti imodzi, ngakhale kope limagwira. Mzere uliwonse uli ndi chomwe ndikufuna chifike, munthu amene ali nacho, tsiku lomwe ndinapereka, tsiku lomwe analonjeza, tsiku loti ndifunse, ndi tsiku lomwe ndikapanda kuchilandira ndiyambe njira ina. Pamalo a mmene ntchito ilili ndimalemba Ndikudikira, ndipo lamulo langa ndi lakuti mawu amenewa salembedwa ngati tsiku lofunsa lilibe kanthu. Tsiku loyamba kufunsa ndimalisiyira fomula, ngati tsiku lopereka lili mu C2:

```
=WORKDAY(C2,2)
```

Imadumpha Loweruka ndi Lamlungu yokha, koma masiku a tchuthi siiwadziwa pokhapokha muilembere mndandanda wake. Kuti mzere ufiire tsiku likakwana, mu Conditional formatting ndimaika iyi, B ndi mmene ilili, E ndi tsiku lofunsa:

```
=AND($B2="Ndikudikira",$E2<=TODAY())
```

Mmawa ndimangoona yofiira, enawo sindiwawerenga. Ndikafunsa ndimalemba kamzere kamodzi, tsiku, ndayankhula ndi ndani, anati chani, kenako ndimaika tsiku lina lofunsa nthawi yomweyo ndisanachite china chilichonse. Ngati tinagwirizana pa foni ndimatumiza meseji yobwereza zomwe tanena, kuti mawa pasakhale zoti sitinanene choncho. Ndikafunsa kawiri pa imelo osayankhidwa, kachitatu ndimaimba kapena kupita ndekha, ndipo tsiku lofunsa likasunthidwa katatu popanda chosintha ndimasiya kulisuntha, ndimauza bwana ndi kuyamba kufunsa sapulaya wina.

Ndipo akakubwezerani kuti pakusowa chikalata, chotsani Ndikudikira tsiku lomwelo, iikeni pa ntchito za lero, chifukwa amene akudikiridwa tsopano ndi inu. Sabata yatha ndapeza mzere wina wanga utakhala masiku 6 ukunena kuti ndikudikira sapulaya, chonsecho iye anali atandifunsa kale kukula kwa zinthu zomwe ndikufuna, imelo yake ili phee osatsegulidwa.