Ndalama yomangidwa ndi tsiku losadziwika

"Ndasunga ndalama zoti ndidzagwiritse ntchito zaka ziwiri zisanathe. Ndiziike ku fikisidi dipoziti kapena ku mane maketi fandi?"

Mayi, imelo yanuyi yanditokosa pachilonda. Ine ndinamangapo miliyoni imodzi ku fikisidi kwa miyezi 12, pa chiwongoladzanja cha 12 peresenti. Ndinatuluka m'banki ndikuwerengera kale 120,000 ngati ili m'thumba. Mwezi wachisanu ndi chinayi, mwini nyumba anandiuza kuti ndisamuke, ndipo ndalama ina ndinalibe. Ndinabwerera kubanki kuja ndili ndi masamu anga papepala: miyezi 9, ndiye kuti 90,000.

Mtsikana wa pakauntala anatulutsa fomu yomwe ndinasaina ndekha, n'kuloza ndi cholembera kamzere ka zilembo zing'onozing'ono. Wothyola nthawi isanakwane amalandira chiwongoladzanja cha akaunti wamba, 3 peresenti. Ndinatenga 22,500, msonkho asanadule. Sanandibere, kusawerenga kunali kwanga, komabe mpaka lero zimandinyansa kuti chiwongoladzanja amachilemba ndi zilembo zikuluzikulu pakhoma, chilango n'kuchibisa pansi pa tsamba. Ndipo tisayambe za kuja ndalama ikakhwima iwe osalankhula, ena amangoimanganso okha pa chiwongoladzanja chatsiku limenelo, ngakhale chitatsika.

Nthawi yomweyo fandi ina inkapereka pafupifupi 10 peresenti atachotsa kale malipiro a oyendetsa. Ndinkainyoza kuti ndi yochepa. Miyezi 9 ikanandipatsa cha m'ma 75,000, ndalama n'kutuluka patangopita masiku ochepa, popanda chilango.

Musaganize kuti ndasanduka mlaliki wa mafandi. Fandi imasonkhanitsa ndalama za anthu ambiri n'kubwereketsa kwa nthawi yaifupi ku boma, mabanki ndi makampani akuluakulu. Choncho phindu lake silimangidwa: chiwongoladzanja chikatsika pamsika, lanunso limatsika m'miyezi yochepa, pamene wa fikisidi akudyabe zomwe anagwirizana. Komanso fandi si dipoziti. Kumene kuli inshulansi yoteteza osunga ndalama kubanki, nthawi zambiri siyikhudza fandi, ndipo kampani yomwe inabwereka ikalephera kubweza, kutayako ndi kwanu. Sizichitika kawirikawiri, koma amene amakuuzani kuti "n'chimodzimodzi ndi banki" akufuna komishoni basi.

Tsono muchite chiyani?

Ngati pali gawo la ndalamazo lomwe tsiku loligwiritsa ntchito mukulidziwa ndithu, mangani gawo limenelo ku fikisidi yoti ikhwime kutatsala milungu iwiri kapena itatu, ndipo mulembetse kuti isamangidwenso yokha. Gawo lomwe lingafunike mwadzidzidzi lipite ku fandi. Musanasaine, a banki akuwerengereni papepala zomwe mungalandire mutathyola pakati, a fandi akuuzeni ngati peresenti yawoyo yachotsedwa kale malipiro ndi msonkho, komanso ndalama imatuluka pakapita masiku angati.