Pepala la tenda si kontirakiti

"Abale, kuli kampani ikufuna simenti ndi malata pa ngongole, akuti anawina tenda ya boma ndipo adzandilipira cheke chikatuluka. Ndingaone kuti ngati n'zoona? Ndili ku Chawama."

Amayi, musatulutse ngakhale thumba limodzi musanaone kontirakiti yosainidwa. Ine ndimaumba mabuloko ku Kanyama, ndipo bambo wina wa tayi anandigwetsa ndi nkhani yomweyi. Anabwera ndi pepala lolembedwa pamwamba kuti "Notice of Best Evaluated Bidder", dzina la kampani yake lilipo, nambala ya tenda ilipo, mtengo wake ulipo. Silinali labodza ayi, ndiye chimene chimandiwawa mpaka lero. Ananyamula mabuloko a K38,000, ine simenti ndi mchenga wake ndinagulira ndalama ya kaloba.

Foni itayamba kungoitana osayankhidwa, ndinapita ku ofesi imene inatulutsa tendayo. Ndinakhala pa benchi kuyambira m'mawa, mainivoisi ali m'manja, thukuta mpaka anafewa. Mayi wa ku ofesi yogula zinthu anandimvera chisoni, anatembenuza kompyuta kuti ndione ndekha. Tendayo inali ndi maloti atatu, ndiye kuti ntchito anaigawa zigawo zitatu, ndipo mtengo waukulu umene bamboyo ankandiloza ndi chala unali wa kampani ina. Iye anasankhidwa pa loti imodzi yaing'ono basi. Ndiye mayi aja akuti, "Pepala ili limangonena amene wapambana pounika. Likatuluka pamadutsa masiku odikira, kuti amene sanakhutire akadandaule ku ZPPA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu za boma." Kampani ina inadandauladi, anaunikanso, ntchito inapita kwina. Kontirakiti sanasaine n'komwe, ndipo tsiku limene ankakweza mabuloko anga ankadziwa kale zimenezi. Miyendo inazizira, ndinalephera kuimirira. Wa kaloba anali atandiimbira kale m'mawa womwewo, anyamata anga akudikira malipiro kunyumba. Mabuloko aja ndinakawapeza atamangira mpanda wa pulotu yake. Munthu wopanda manyazi, Lamlungu amakhala kutsogolo m'tchalitchi, ndipo ndikamukumbutsa amati "boma silinandilipire". Boma liti, pa ntchito iti?

Ndiye chitani izi. Muwauze akupatseni dzina lonse la kampani monga linalembedwera ku PACRA, kolembetsa makampani, nambala ya tenda ndi dzina la ofesi imene inaitanitsa. Woona mtima sazengereza kupereka zimenezi. Kenako lowani pa e-GP, webusaiti ya matenda ya ZPPA, eprocure.zppa.org.zm, ngakhale pa foni, musake ndi nambalayo kapena mutu wa ntchito. Muone dzina chilembo ndi chilembo, chifukwa kampani ziwiri zimatha kusiyana liwu limodzi lokha, ndipo ena amayenda ndi pepala la mnzawo. Muone loti imene anawina ndi mtengo wa loti imeneyo yokha. Ngati anawina mogwirizana ndi kampani ina, funsani kuti ndalama zidzalowa mu akaunti ya ndani. Muonenso tsiku. Ngati chidziwitso chili cha chaka chatha koma pamalo a ntchito palibe ngakhale chikwangwani kapena dzenje la maziko, pali chimene sakukuuzani.

Ku PACRA lipirani kandalama kochepa akusindikizireni mayina a eni ndi madairekitala. Wanga uja ndinapeza kuti ali ndi kampani inanso, ndipo magalimoto onse ali m'dzina la imeneyo, imene inanditengera mabuloko ilibe ngakhale wilibala. ZPPA imatulutsanso mndandanda wa kampani zoimitsidwa, muufufuze ndi mayina a kampani zonse za munthuyo. Popeza ndi zomanga, funsaninso satifiketi ya NCC, bungwe lolembetsa makontirakita a zomanga. Magiredi ake ndi 1 mpaka 6, wamkulu ndi 1, ndiye wa giredi 6 akamakamba za ntchito yaikulu ya msewu musamumvere.

Mukapanda kuwapeza pa e-GP musafulumire kunena kuti ndi akuba. Ntchito zing'onozing'ono zogula ndi makoteshoni sizioneka zonse, ndipo amene wapatsidwa gawo ndi kontirakita wamkulu, ngati 20 peresenti ya ntchito za m'misewu imene imapatsidwa kwa makontirakita ang'onoang'ono akuno, dzina lake simulipeza pa chidziwitso. Zikatero pitani nokha ku khonsolo kapena unduna umenewo ndi nambala ya tenda, mufunse mafunso awiri: kodi kontirakiti inasainidwa, nanga malo a ntchito anaperekedwa?

Koma kunena zoona amayi, ngakhale zonse zitagwirizana, ine sindingapereke. Mapepala amenewa amangosonyeza amene anawina, sanena ngati amalipira anthu, ndipo boma limachedwa kulipira ngakhale makontirakita abwino. Auzeni apereke theka patsogolo, zotsalazo mulembelane, asaine mwini wake m'dzina lake osati la kampani yokha, kopi ya NRC muisunge. Akakana, simenti yanu ikhale m'shopu.