Kankhani ka Diwali ka ana: yambirani kwa amene ankadikira

"Mchemwali wanga anakwatiwa kubanja la Chihindu ku Limbe, ndiye wandipempha kuti ndilembe kankhani koti tijambule kavidiyo ka Diwali ka ana. Wamkulu ali ndi zaka 7, wamng'ono zaka 4. Ndawerenga nkhani ya Rama koma ndi yaitali zedi, anthu ake ndi ambirimbiri. Ndiyambire pati? Ndikuopanso kulakwira apongozi ake."

Achemwali, ine ndili pabanja ndi Mhindu wa Chigujarati kuno ku Blantyre, ndipo timavidiyo totere ndajambulapo katatu ndi ana anga. Musanagwire cholembera, pitani kwa apongozi a mchemwali wanuyo mukawafunse kuti pakhomo pawo pa Diwali, chikondwerero cha nyali cha Ahindu, amakumbukira chiyani. Funso limeneli amalilandira ndi manja awiri, chifukwa nkhani ya chikondwererochi si imodzi. Kumpoto kwa India amakumbukira kubwerera kwa Rama mumzinda wa Ayodhya. Kummwera, monga kwa Atamilu, amakamba za Krishna amene anagonjetsa Narakasura. Ku Bengal usiku womwewo amapembedza Kali. Mabanja a Chigujarati, omwe ndi ambiri mwa Ahindu a kuno kwathu, amapembedza Lakshmi, mulungu wamkazi wa chuma, usikuwo, kukacha n'kulowa chaka chatsopano. Akakuuzani kuti ndi Rama, monga ndikuganizira, gwirani nkhani imodzi yomweyo, zinazo muzisiye. Ndipo polemba musagwiritse mawu oti "nthano" kapena "mafano". Kwa iwo Rama ndi Mulungu amene amamupembedza, ndiye mawu awiriwa amawabaya ngakhale atapanda kukuuzani.

Kavidiyo kanga koyamba ndinayesa kukamba Ramayana, nkhani ya Rama ija, yonse m'mphindi 7. Ndinaikamo Kaikeyi, mayi omupeza a Rama, ndi malonjezo ake awiri, mbawala yagolide, kubedwa kwa Sita mkazi wa Rama, mlatho wopita ku Lanka, nkhondo, zonse. Mwana wanga wamkazi, amene panthawiyo anali ndi zaka 4, ataona chithunzi cha Ravana, mfumu ya mitu 10 imene inaba Sita, anabisa nkhope pachifuwa cha agogo ake, ndipo pamene nyali zinkayatsidwa kumapeto iye sankayang'ananso. Chinthu chimene kavidiyoko kanapangidwira sanachione. Chaka chotsatira apongozi anga ndi amene ananditsegula maso. Anati Diwali ndi tsiku la anthu amene anatsala kumudzi akudikira, nkhondo ili ndi tsiku lake, la Dussehra, lomwe limabwera masiku pafupifupi 20 Diwali isanafike.

Ndiye langizo langa ndi lakuti nkhaniyo muikambe mutaima mu Ayodhya, pambali pa Bharata, mng'ono wake wa Rama. Rama atapita kunkhalango kukasunga lonjezo la bambo ake, mfumu Dasharatha, ufumu unagwera Bharata, koma iye anaukana. Anamutsatira mkulu wake mpaka ku Chitrakuta kukamupempha kuti abwerere. Rama atakana, Bharata anapempha nsapato zake, zimene amazitcha paduka, n'kuzisenza pamutu, n'kukaziika pampando wachifumu. Iyeyo anakakhala kunja kwa mzinda, ku Nandigrama, n'kumayang'anira dziko m'dzina la nsapatozo kwa zaka 14. Mwana wa zaka 4 sadziwa za ufumu, koma kudikira munthu amene amamukonda amakudziwa bwino. Amakuchita madzulo alionse pageti podikira bambo ake. Nsapato zopanda mwini wake pampando ndi chithunzi chimene amachimva musanafotokoze chilichonse.

Mukasankha njira imeneyi, mayina amachepa okha. Asanu akukwana: Rama, Sita, Lakshmana mng'ono wake wina wa Rama, Bharata ndi Hanuman, mtumiki wokhulupirika wa Rama. Ravana mumutchule kamodzi, osamuonetsa. Kaikeyi ine ndimamusiya, chifukwa mumphindi zitatu simungathe kumukamba mwachilungamo, mwana amangotsala ndi mawu oti "mayi woipa", pamene nkhani yake ndi yozama kuposa pamenepo.

Kutalika kwake kusapitirire mphindi zitatu. Ngati mukulemba m'Chichewa, mawu athu ndi aatali, ndiye mawu pafupifupi 200 mpaka 250 amadzaza nthawiyo mukamawerenga modekha ndi kupumira. Njira yodziwira ndi kuwerenga mokweza mutatchera wotchi ya pafoni, kenako kuwerengera mwana wamng'onoyo. Pamene wayamba kuyang'ana kumbali, chiganizo chimenecho ndi chofunika kudula.

Ndikupatseni mmene kathu kachitatu kanayendera. Kanayamba ndi mdima, agogo atakhala pakhonde ndi adzukulu awiri, kutsogolo kwawo kuli tinyali tadothi 14, timene amatitcha diya, tosayatsa. Mwana akufunsa, "Ba, bwanji lero kumwamba kulibe mwezi?" Ba ndi mmene amaitanira agogo aakazi m'Chigujarati, inu mugwiritse dzina limene anawo amaitanira agogo awo tsiku ndi tsiku. Funsoli ndi loona, chifukwa Diwali imagwa usiku wopanda mwezi, mu Okutobala kapena Novembala, ndipo mwana akhoza kutuluka panja n'kudzionera yekha. Agogo akuyankha:

"Usiku ngati uno, kalekale, mumzinda wa Ayodhya munali mdima wa ndiweyani. Anthu onse anali maso, akudikira munthu mmodzi."

Kenako kamera ikupita pa kampando koyalidwa nsalu yofiira, pali nsapato ziwiri.

"Rama anapita kunkhalango kuti mawu a bambo ake asagwe pansi. Sita anati, ndipita nawo. Lakshmana anati, nanenso. Bharata anatsala. Anthu anati, khala pampando. Iye anati, mpandowu ndi wa mkulu wanga. Anaikapo nsapato za Rama, nayamba kuwerenga zaka."

Apa ndi pamene pali mtima wa kavidiyoko, ndipo musapathamangire. Anawo amawerenga mokweza, chaka choyamba, chachiwiri, chachitatu, uku akuloza diya imodziimodzi, zonse zikadali zosayatsa. Wamng'ono awerenge mpaka 5, wamkulu apitirize. Atafika pa 13 agogo amawaimitsa n'kunena zakunkhalango m'ziganizo zitatu zokha: mfumu Ravana inatenga Sita kupita naye kutsidya la nyanja, ku Lanka, Hanuman analumpha nyanjayo n'kumupeza, Rama anamenya nkhondo n'kumubweza. Basi. Wa zaka 7 adzafunsa zambiri za nkhondoyo kamera ikazima, ndipo agogo adzasangalala kumuuza. Kenako 14. Hanuman akutsogola kukauza Bharata kuti akubwera. Agogo akufunsa, "Nanga mumdima wotere aiona bwanji njira yakwawo?" Musalembe yankho la funsoli. Asiyeni anawo ayankhe okha, chifukwa zimene anene zidzaposa zimene inu ndi ine tingalembe. Wanga anangoti, "Tiwayatsire!" n'kudzuka.

Pakuyatsa pasakhale mawu. Dzanja la agogo liyatse diya yoyamba, kenako yachiwiri, mpaka mzere wonse uwale. Dzina lenileni la chikondwererochi, Deepavali, limatanthauza mzere wa nyali, ndipo mwana wamkuluyo akhoza kunena zimenezi m'chiganizo chimodzi mzerewo utatha kuyaka. Ngati banjalo likufuna kuti Lakshmi atchulidwe, malo ake ndi pomwepa: agogo anene kuti n'chifukwa chake timasesa m'nyumba, kujambula rangoli, maluwa aja a ufa wamitundumitundu, pakhomo ndi kuyatsa nyali, kuti Lakshmi apeze khomo loyera ndi lowala. Chiganizo chimodzi, osatsegula nkhani yachiwiri.

Za nsapatozo samalani, chifukwa apa ndi pamene mlendo amalakwa mosadziwa. Musatenge masilipasi a munthu wapakhomo n'kuwaika pampando, ndipo musayandikize nsapato iliyonse pamalo opempherera a m'nyumba. Kumeneko ngakhale inu wojambula mumavula nsapato musanafike. Ife tinadula paduka pakatoni, anawo n'kuzipaka utoto wachikasu, pamwamba tinamatapo kabatani m'malo mwa kachitsotso kamene kamalowa pakati pa zala. Kampandoko tinakaika pakhonde. Ngati mukufuna kuti mwana avale ngati Rama kapena Sita, funsaninso kaye. Mabanja ambiri amakondwera nazo, koma mwana akavala motero samamuseka kapena kumukalipira pamaso pa kamera, ndipo zojambula zimene walakwitsa atavala choncho si zoti muziike kumapeto kuti anthu aseke.

Chiyankhulo chikhale chimene agogo ndi adzukulu amayankhulana. Ngati agogowo amamasuka m'Chigujarati, apatseni nkhaniyo aikambe m'mawu awo, pepala lanu lingokhala lowakumbutsa ndondomeko. Mayina muwafunse katchulidwe kake, mubwereze mpaka avomereze. Ena amati Ram, ena Rama, Lakshman kapena Lakshmana, tsatirani za pakhomopo.

Kujambula musakuchite usiku wa Diwali weniweniwo. Banja limakhala pa mapemphero, alendo ali pikitipikiti, panja makombola akuphulika moti mawu a agogo sangamveke. Jambulani masiku awiri kapena atatu zisanachitike, kuti pa tsikulo banja lidzangoonera ndi kutumizira abale. Nthawi yabwino ndi dzuwa litangolowa, cha m'ma 6 koloko, kumwamba kukadali kobiriwira. Muli ndi mphindi pafupifupi 20 zokha, ndiye yesererani masana. Mukadikira mdima weniweni foni imatulutsa chithunzi chamchengamchenga, nkhope sizioneka, malawi amangokhala mabala oyera. Pojambula diya, dinani pa lawi pagalasi la foni n'kutsitsa kuwala pang'ono mpaka muone maonekedwe a lawilo. Foniyo itsamire pa mabuku kapena pampando, pa msinkhu wa maso a ana, ndipo isatalikire kupitirira mita imodzi ndi theka kuchokera kwa agogo, apo ayi mawu amamveka ngati ali m'chitsime.

Diya zadothi zatsopano zimamwa mafuta. Ziviikeni m'madzi kwa maola angapo, ziume bwinobwino, kenako muthire mafuta ophikira kapena gi, batala wosungunula uja, ndi chingwe cha thonje chimene mwachinyowetsa kale m'mafutamo, nsonga yake itatulukira pakamlomo ka diya. Chingwe chouma chimapsa msanga n'kuzima mzere usanathe. Nyengo imeneyi kuno kumakhala kamphepo madzulo, ndiye sankhani mbali ya khonde yotchingika. Machesi agwire munthu wamkulu yekha, osati mwana. Ana akhale kumbuyo kwa mzere wa nyali, asaudumphe, tsitsi limangidwe, ndipo kansalu kapaphewa ka mtsikana kamangidwe m'chiuno kapena kachotsedwe, poti nsalu zonyezimira za zikondwerero zimagwira moto msanga. Ndowa ya madzi ikhale pafupi, kunja kwa chithunzi.

Chithunzi chomaliza ife tinachita chonchi. Nyali zonse zitayaka, wina anagogoda pageti, ana n'kutembenuka. Anali bambo awo, amene tinawauza kuti adikire panja mpaka diya ya 14. Wamng'ono anathamanga kukawakumbatira, wamkulu ananyamula paduka zapakatoni zija ndi manja awiri n'kukawapatsa, monga Bharata anabwezera nsapato kwa Rama. Zimenezo sindinazilembe papepala, anaziganiza yekha. Inunso kamera muisiye ikujambula kwa mphindi ina yathunthu mawu olembedwa atatha.